Mganda wa ana 72: mmene ndimakonzera masabata asanu ndi atatu a gule

Teremu ino ndili ndi Fomu 1 ya ana 72, ndipo pa sikimu yanga ndaikapo masabata asanu ndi atatu a kuyendetsa thupi motsata ng'oma ndi gule wa makolo. Ndi mapiriyodi awiri pa sabata, iliyonse ya mphindi 40, kutanthauza kuti onse pamodzi ndi 16. Ndati ndilembe mmene ndawayalira chifukwa ena mwa inu mumandifunsa tikakumana kuti kodi gule amaphunzitsidwa bwanji m'kalasi momwe mwana wina anayamba kuvina asanayambe sukulu pomwe wina sanapondepo pabwalo.

Kusiyana kwa ana pa gule sikufanana ndi kusiyana kwao pa masamu. Mwana amene walephera samu amalephera m'kope mwake, anzake saona. Mwana amene waphonya sitepe amaphonya pamaso pa anzake 71, ndipo akasekedwa kawiri, tsiku lachitatu akuuzani kuti mutu ukumupweteka. M'kalasi langa muli anyamata ngati khumi a kumudzi amene amavina kale ndi akuluakulu, muli ana okulira m'tauni amene ng'oma amangoimva pa wailesi, muli mtsikana woyendera ndodo, mnyamata wovutika kumva ndi mtsikana wachialubino amene saona bwino patali. Funso limene ndimadzifunsa pokonza chilichonse ndi lakuti: pofika sabata lachisanu ndi chitatu, kodi ndi angati amene adzakhale akadali pabwalo ndi mtima wonse?

Choyamba ndi kusankha gule. Anthu akamva za gule wa makolo kuno m'chigawo chapakati amathamangira Gule Wamkulu, makamaka chifukwa bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2005 pamodzi ndi Vimbuza. Ine magule awiriwa ndimawaphunzitsa pakamwa pokha, mbiri yake ndi ntchito yake, koma sindiwatengera pabwalo la sukulu. Gule Wamkulu uli ndi eni ake ndi chinsinsi chake. Mukauika m'kalasi mwagawa ana pawiri, olowa kudambwe ndi osalowa, ndipo mwaputa makolo a mbali zonse: a kumpingo adandaula kuti mwana wao akumuvinitsa zinyau, a kumudzi adandaula kuti mukuseweretsa mwambo. Vimbuza nayo ndi gule wochizira odwala, si wochitira masewero. Chimodzimodzi Tchopa wa Alomwe, amene analembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, ali ndi mbali yake yokhudza mizimu ya makolo.

Ndimasankha Mganda. Mganda, monga Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga komanso Beni wa ku Mangochi ndi Machinga, ndi gule wotsanzira perete wa asilikali. Anafala pambuyo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna amene anatumikira m'gulu la King's African Rifles ndi onyamula katundu wa nkhondo anabwerera kwao. Mulibe chinsinsi, ndipo n'kovuta kupeza kholo loletsa mwana wake kuguba. Koma chifukwa chachikulu chimene ndimaukondera ndi kapangidwe kake. Amavinidwa m'mizere, onse akuyang'ana kumodzi, ndiye mwana wosadziwa amakhala ndi miyendo ya mnzake patsogolo pake yoti azionera. Kugunda kwa ng'oma yaikulu ndi kwa kuyenda, kumene mwana aliyense amakudziwa kale. Ndiponso muli ntchito zambiri: ovina, oimba ng'oma, oliza badza, otsogolera nyimbo. Kumudzi Mganda ndi wa amuna, amayi amavina Chimtali, ndipo ana ndimawauza zimenezi tsiku loyamba. Ndimawauzanso kuti pasukulu tivina tonse, chifukwa chimene tikuphunzira ndi kusunga ng'oma m'thupi.

Sabata loyamba sitivina. Ndimaimba ng'oma imodzi, kugunda kofanana, ana n'kumayenda mozungulira bwalo, phazi limodzi pa kugunda kumodzi. Liwiro ndimaliyesa ndi wotchi: ndimawerenga kugunda kwa masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Ndimayambira pa 24, ndiye kuti 96 pa mphindi. Mukatsika kwambiri, mwachitsanzo pa 60, ana ambiri amalephera, chifukwa mpata wa pakati pa kugunda umatalika ndipo phazi limatera ng'oma isanalire. Kuyenda pang'onopang'ono motsata ng'oma n'kovuta kuposa kuyenda mwachizolowezi. Kenaka ndimasiya ng'oma kwa kugunda kusanu ndi kutatu iwo akupitiriza kuyenda, ndiye n'kubwereranso. Apa ndi pamene ana amaonekera. Ena ng'oma ikabwerera amapezeka ali pomwepo. Ena athamanga. Ena aima kudikira. Ndimalemba timizere pa mndandanda wa maina, osauza aliyense. Chimene chimadabwitsa chaka chilichonse n'chakuti ena mwa akatswiri a kumudzi ndi amene amathamanga, pomwe kamtsikana kofatsa ka m'kwaya ya kutchalitchi kamasunga liwiro ngati wotchi.

Mndandanda umenewu ndi umene ndimagawira magulu. Ana 72 ndimawaika m'magulu asanu ndi limodzi a anthu 12, ndipo gulu lililonse timalitcha boma, monga mmene magulu a Mganda ndi Malipenga amadzitchulira. M'boma lililonse ndimaikamo awiri osunga liwiro bwino, mmodzi kapena awiri odziwa kale gule, ndi ena onse osakaniza. Sindiika akatswiri paokha. Boma la akatswiri okhaokha limasangalatsa alendo, koma maboma ena asanu amatsala opanda woonera. Mwa anthu 12 aja, asanu ndi atatu amavina m'mizere iwiri ya anayi anayi, awiri ali pa ng'oma, awiri pa nyimbo ndi badza. Ntchitozi zimasinthana piriyodi iliyonse.

Mtima wa masabata onsewa ndi sitepe imodzi ya mawerengo asanu ndi atatu, imene timayamba sabata lachiwiri ndipo sitiisiya mpaka kumapeto. Ndinene poyera kuti si Mganda wathunthu wa kumudzi. Ndi chigoba chimene ndachipeputsa kuti zinazo zidzakhalepo. Imayenda motere. Pa 1 phazi lamanja lipita kumanja, pa 2 lamanzere lilitsatira. Pa 3 lamanzere libwerera kumanzere, pa 4 lamanja lilitsatira. Pa 5 lamanja lipita kutsogolo, pa 6 libwerera. Pa 7 lamanzere liponda mwamphamvu pamalo pomwepo. Pa 8 palibe chochita, thupi lonse liima zii.

Sitepe imeneyi ili ndi nsanjika zitatu. Nsanjika yoyamba ndi mapazi okha, monga ndafotokozera. Nsanjika yachiwiri ndi mapazi omwewo kuonjezapo manja: dzanja lamanja lagwira kansalu, likwera pa 1 ndi pa 5, litsika pa 3 ndi pa 7. Nsanjika yachitatu ndi ya amene thupi lazolowera: mawondo apinda pa 2 ndi pa 4, ndipo m'malo mopita kutsogolo ndi kubwerera, pa 5 ndi 6 wovina azungulira thupi lonse n'kudzaponda pa 7 ayang'ana kumene anayang'ana poyamba. Lamulo ndi limodzi kwa onse: tikumane pa 1, tiponde pa 7, tiime pa 8. Chifukwa cha lamuloli, mwana wa nsanjika yoyamba ndi wa yachitatu amaima mzere umodzi ndipo woonera amaona gule mmodzi. Mwana amasankha yekha nsanjika yake, ndipo amakwera akavina maulendo anayi otsatizana osaphonya, ndiye kuti mawerengo 32. Mnzake wa m'boma ndi amene amamuwerengera.

Kuima kwa pa 8 ndiko kumandithandiza kwambiri. Munthu mmodzi sangayang'ane mapazi 144 nthawi imodzi, koma onse akaima, amene akusunthabe amaoneka ngati mbuzi m'munda wokolola. Ndipo kuphonya kwake kumandiuza chimene chavuta. Mwana amene waima msanga, anzake asanaponde, akuthamanga. Iyeyo safuna kufotokozeredwanso sitepe, amafuna kuyenda ndi ng'oma monga sabata loyamba, akuwerenga mokweza. Mwana amene amachedwa pang'ono pa mawerengo onse samva ng'oma, akungotsanzira miyendo ya mnzake, ndipo diso limachedwa kuposa khutu. Iyeyo ndimamuuza kuti ayang'ane pamutu pa mnzake, kapena atsinzine kwa ulendo umodzi. Mwana amene amasokonezeka pa 3 nthawi zonse vuto lake ndi kulemera kwa thupi: pa 2 waika thupi lonse pa phazi lamanzere, ndiye pa 3 phazilo silinganyamuke. Mukamuuza kuti pa 2 angokhudza pansi ndi zala za phazi, vutolo limatha tsiku lomwelo. Chimodzimodzi pa 4, pamene lamanja liyenera kungokhudza kuti likhale lomasuka kupita kutsogolo pa 5. Ndipo ngati theka la kalasi likupita kumanzere pamene ena akupita kumanja, yang'anani mmene woonetsayo waimira. Akayang'anizana ndi ana, kumanja kwake ndi kumanzere kwao. Woonetsa azipereka msana.

Za ng'oma pali mfundo imene ambiri saiganizira. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mwana amene waima mamita 50 kuchokera pa ng'oma amamva kugunda mochedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri a sekondi. Pa liwiro la 96 pa mphindi, kumeneko ndi pafupifupi kota ya kugunda kumodzi. Mukamwaza ana bwalo lonse la mpira, a kumapeto amaoneka ochedwa pomwe akutsata bwinobwino chimene akumva. N'chifukwa chake ndimaika ng'oma pafupi, maboma onse asapitirire mamita 20. Ndiponso mpaka sabata lachinayi ng'oma imene imalira ndi imodzi kwa onse. Oimba ng'oma a maboma amatsatira ndi timitengo pa ntchafu zao. Ng'oma zisanu ndi imodzi za ongophunzira zikalira pamodzi pabwalo limodzi, palibe mwana amene angadziwe yake.

Sabata lachisanu ndi la zoimbira. Sukulu ili ndi ng'oma imodzi yeniyeni, choncho maboma amagwiritsa ntchito zigubu za malita 20, chimodzi chogunda ndi chibakera chokulungidwa nsalu kuti chikhale ng'oma yaikulu, china ndi timitengo kuti chikhale yaing'ono. Yaikulu imagunda pa mawerengo onse, mwamphamvu pa 1 ndi pa 7. Yaing'ono imagunda kawiri pa kuwerenga kulikonse. Badza timapanga tokha ndi zikho zazitali zouma, zobooledwa kuti mawu adutse, ndipo pa kabowo kena timamatapo kanembanemba kopyapyala. Akale ankagwiritsa ntchito kansalu koyera kamene kangaude amatetezera mazira ake. Ife timadula kapepala ka jumbo kopyapyala. Mwana aliyense poyamba amauzira mpweya ngati akukoleza moto, ndipo badza silira. Badza salipemerera, amaimbira nyimbo m'kati mwake ndi pakhosi, kanembanemba n'kumanjenjemera. Likapanda kulira munthu akuimbiramo bwino, ndiye kuti jumboyo yakokedwa kwambiri kapena ndi yokhuthala. Kuyambira sabata limeneli maboma atatu amavina mosinthana kumbali imodzi ya bwalo, atatu kumbali ina, limodzi likuvina awiri akuonera.

Tsopano ana atatu aja. Njira yachidule ndi kupatsa mtsikana woyendera ndodo ng'oma kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, n'kunena kuti watenga nawo mbali. Ine ndimaikana njira imeneyo, chifukwa mwanayo amadziwa kuti mwangomuchotsa m'njira. Ndinakhala naye pansi n'kumufunsa chimene thupi lake limalola. Anati, “Sala, kuima nditha, kupita cham'mbali ndiye ndimagwa.” Tinagwirizana kuti iye aziima kumapeto kwa mzere wakutsogolo. Pa 1 mpaka 4 mapewa ndi mutu zimapita kumanja ndi kumanzere mmalo mwa mapazi, pa 5 ndi 6 chifuwa chiwerama ndi kudzuka, pa 7 ndodo yake igunda pansi, pa 8 aima ndi anzake. Akatopa amachita zomwezo atakhala pa mpando. Nthawi yake ya ng'oma ikakwana amapita pa ng'oma monga wina aliyense. Anzake a m'boma lake anaona kuti kugunda kwa ndodo kukumveka bwino, tsopano mzere wonse wakutsogolo ukufuna timitengo togundira pa 7.

Mnyamata wovutika kumva ndimamuika mzere wachiwiri, kumbali kumene kuli ng'oma yaikulu, pamalo poti aziona dzanja la woimba. Woimbayo amakweza dzanja pamwamba pa 8 kuti 1 aoneke asanalire. Masabata oyamba ndinkamupatsa mphindi ziwiri atagwira thupi la ng'oma ndi manja ine ndikuimba, kuti liwiro alimve m'zikhatho. Kwa iyeyu langizo lija loti asaonere anzake siligwira, maso ndiwo makutu ake. Mtsikana wachialubino vuto lake ndi dzuwa ndi kuona. Ndinapempha kuti mapiriyodi athu akhale a m'mawa, timavinira pansi pa mitengo, ndipo iye amavala chipewa ndi malaya a manja aatali popanda wina kufunsa za yunifolomu. Kuonetsa sitepe patali sikumuthandiza. Amaima pafupi ndi woonetsa, dzuwa lili kumbuyo kwake, ndipo sitepe iliyonse timaitchula ndi mawu: manja, khudza, manzere, khudza, tsogolo, bwerera, ponda, zii. Mawu amenewa tinawapangira iye, koma kalasi lonse limawagwiritsa ntchito, ndipo ambiri amawakonda kuposa manambala.

Amene amavuta kwambiri si atatuwa. Ndi akatswiri aja. Pofika sabata lachitatu atopa nayo sitepe yophweka, amayamba kuonjeza zao, kuthamangitsa ng'oma ndi kuseka ophonya. Mmodzi anandiuza kuti, “Sala, uwu si Mganda, kwathu akationa atiseka.” Amanena zoona, ndipo ndinamuvomereza pamaso pa anzake. Chimene ndimachita ndi kuwapatsa ntchito yolemera kuposa kuvina. Sabata lachisanu ndi chimodzi ndi lachisanu ndi chiwiri boma lililonse limapeka sitepe yake ya mawerengo asanu ndi atatu yolumikiza ku yoyamba ija, ndi nyimbo ya mawu aoao. Katswiri atha kubweretsa sitepe yeniyeni ya kwao, koma ayenera kuiphwanya m'nsanjika zitatu kuti aliyense wa m'boma lake aithe. Apa ndi pamene amatuluka thukuta. Mwana amene anaphunzira gule poonera amavina osadziwa kuti phazi liti limayamba, ndipo mukamuuza kuti achite pang'onopang'ono sitepe imamuthawa. Kuti aiphunzitse ayenera kuidziwa kachiwiri. Mawu a nyimbo amandionetsa asanaimbe, chifukwa nyimbo za magule zimakonda kunyodola, ndipo sindifuna kuti dzina la mwana wina lilowe m'nyimbo.

M'masabata awiri omwewa ndimaitana bambo mmodzi wachikulire wa boma la Mganda la m'mudzi wapafupi, kudzera kwa amfumu. Amabwera kamodzi, ndipo timawathokoza ndi kangachepe, chifukwa luso lao si la ulere. Amaonetsa mmene amavalira, kabudula woyera, malaya ndi masokosi aatali, mmene mizere imalowera pabwalo, ndi maudindo a m'boma. Ndimawapempha chinthu chimodzi asanayambe: “Bambo, musasankhe odziwa okha kuti aime kutsogolo.” Kumudzi mzere wakutsogolo ndi wa akatswiri, ndipo n'zoyenera pa mpikisano wa maboma. M'kalasi mzerewo umasinthana.

Sabata lomaliza ndi loonetsa ndi kupereka malikisi. Ndimapereka pa 20, zinthu zinayi za malikisi asanu asanu. Choyamba, kusunga liwiro kwa mawerengo 32. Chachiwiri, kukumbukira masitepe onse awiri, yathu ndi ya boma, popanda kudikira mnzako. Chachitatu, ntchito ina kupatula kuvina, kaya ng'oma, badza kapena kutsogolera nyimbo. Chachinai, kufotokoza m'ndime imodzi kumene Mganda unachokera ndi chimene boma lao linapeka. Nsanjika ilibe malikisi. Mwana amene wavina yoyamba mosaphonya amapeza asanu, ndipo wa yachitatu amene wathamanga amapeza atatu. Ena mwa aphunzitsi anzanga amati uku n'kupondereza aluso. Ine ndimati mukaika malikisi pa nsanjika, mwana aliyense adzalumphira yachitatu asanakhwime, ndipo mudzakhala mukupereka mphotho chifukwa cha mudzi umene mwana anakulira osati chimene waphunzira. Aluso ali ndi malo ao ku kalabu ya magule Lachitatu masana, kumene timasankha opita kukavina pa zochitika.

Kuyesa ana 72 m'mapiriyodi awiri kumatheka motere: maboma atatu pa piriyodi, lililonse mphindi khumi, ndipo limavina katatu posinthana ntchito kuti aliyense aoneke akuvina komanso ali pa zoimbira. Ine ndimayang'ana ana anayi pa ulendo umodzi wa mawerengo 32. Ndime yolemba ija amakalembera kunyumba.

Masabata asanu ndi atatu satulutsa wovina Mganda woti akaime pa bwalo la mfumu. Amatulutsa mwana amene atha kumva 1, kuponda pa 7 ndi kuima ndi anzake, ndipo akudziwa kuti gule ameneyu ali ndi eni ake amene amauvina bwino kuposa ife. Panopa tili sabata lachinayi. Mwa ana 72, omwe akadali pa nsanjika yoyamba ndi 19, ndipo anayi mwa iwo akuthamangabe. Lolemba ndiwatenga anayiwo kwa mphindi zisanu kuti tiyende ndi ng'oma anzao akukonza mizere. Ngati kwanuko gule wake ndi Beni, Malipenga kapena Ingoma, yesani kupeza sitepe imodzi imene ingasanjikizidwe katatu, ndi malo amodzi pamene onse angaime.